Momwe tinasandutsira lipoti la mu labu kukhala posita ya tsamba limodzi

Dipatimenti yathu, pa koleji yomwe ndikuphunzira kuno ku Salima, imakhala ndi tsiku loonetsa ntchito za ophunzira. Gulu lililonse limapatsidwa bolodi, ndipo pabolodipo pamayenera kukhala posita imodzi ya kukula kwa A1 yofotokoza zomwe gululo linapeza mu labu. Ife lipoti tinali titalemba kale, aphunzitsi atalichonga n'kutibwezera. Chomwe chinatsala chinali kutenga masamba 14 aja n'kuwakwanitsa patsamba limodzi loti munthu aliwerenge ali chiimire, m'holo yotentha, kumbuyo kwake kuli ena ofuna kudutsa. Ndikulembera anzanga amene ntchito yotereyi ili kutsogolo kwawo, makamaka pa mbali imene ndinaona kuti ndi yovuta kuposa zonse, yomwe ndi kufupikitsa popanda kunena zoposa zimene munayeza.

Ndiyambe ndafotokoza zomwe tinachita mu labu, chifukwa zitsanzo zonse ndizitenga mmenemo. Tinkafuna kuona ngati ufa wa njere za chammwamba ungadikhitse madzi ovunduka. Madziwo tinakatunga mu mtsinje wa Linthipe nthawi ya dzinja, pomwe amakhala ofiira ndi matope. Kuvunduka kwa madzi kumayezedwa ndi kamakina kowalitsa kuwala m'kabotolo ka madzi, ndipo kamaonetsa nambala mu NTU. Nambala ikakhala yaikulu ndiye kuti matope ndi ambiri. Madzi athu anali pa 240 NTU. Tinawagawa m'mabika a lita imodzi, n'kuthiramo ufa wa milingo yosiyana, kuyambira 50 mpaka 300 mg/L, kutanthauza mamiligalamu pa lita imodzi, ndipo bika imodzi sitinathiremo kanthu kuti ikhale yoyerekezera. Tikatakasa tinkawasiya ola limodzi, kenako n'kuyeza madzi a pamwamba. Mlingo uliwonse tinauyesa katatu. Njere za chammwamba zili ndi mapuloteni amene amakoka tinthu ta dothi toyandama kuti tigwirane, tilemere, timire.

Anthu ambiri akamva kuti posita ndi chidule cha lipoti amatsegula lipotilo n'kuyamba kudula ndime ndi ndime kuchokera pamwamba: mawu oyamba awafupikitse, njira aifupikitse, zotsatira azifupikitse, mpaka kumapeto. Ndinaona magulu angapo akuchita zimenezi, ndipo chomwe chimatuluka ndi lipoti lomwelo lolembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono. Vuto lake ndi lakuti lipoti limasunga chomwe munapeza kumapeto, pakuti wolichonga amakhala pansi n'kuliwerenga lonse. Wodutsa pa posita alibe nthawi imeneyo. Muli ngati wogulitsa pawindo la minibasi pa Kamuzu Road: galimoto isananyamuke muyenera kukhala mutanena chomwe mwanyamula.

Madamu amene ankatiyang'anira anatiuza kuti titseke lipoti, titenge pepala, tilembe chiganizo chimodzi chonena zomwe tinapeza. "Musandiuze zomwe munachita," anatero. "Mundiuze zomwe mukudziwa lero zimene simunkazidziwa musanalowe mu labu. Ngati chiganizocho chikukukanikani, kompyuta musaiyatse n'komwe." Posita yathu inali ya m'Chingerezi monga mwa malamulo a dipatimenti, koma pano ndiziika mawu ake m'Chichewa. Titakambirana kwa nthawi tinagwirizana chiganizo ichi: ufa wa chammwamba wa 150 mpaka 200 mg/L unatsitsa kuvunduka kwa madzi a Linthipe kuchoka pa 240 kufika pa 12 mpaka 15 NTU mu ola limodzi, koma sunafike pa 5 NTU. Chiganizo chimenechi ndicho chinakhala sefa yathu. Chilichonse cha m'lipoti tinkachifunsa ngati chikuthandiza munthu kumvetsa kapena kukhulupirira chiganizocho. Chosathandiza chinatsala m'lipoti.

Mutu wa posita unachokeranso pomwepo. Mutu wa lipoti unali wonena nkhani chabe, wakuti kafukufuku wa mphamvu ya njere za chammwamba poyeretsa madzi a mumtsinje. Munthu akawerenga mutu wotere amangodziwa kuti panali kafukufuku. Pa posita tinalemba kuti: Ufa wa chammwamba wadikhitsa madzi a Linthipe kuchoka pa 240 kufika pa 12 NTU. Amene anangowerenga mutu wokhawo n'kupitirira anachoka atadziwa kanthu. Onani kuti tinalemba kuti wadikhitsa, osati wayeretsa. Ndibwereranso pamenepa.

Tsopano za manambala. M'lipoti munali matebulo anayi ndi magalafu atatu. Pa posita panapita galafu imodzi yokha, yoonetsa mlingo wa ufa m'munsi ndi kuvunduka kwa madzi m'mbali. Avereji ya zomwe tinapeza inali motere: bika yopanda ufa inatsikira pa 150 NTU, ya 50 mg/L pa 62, ya 100 pa 21, ya 150 pa 12, ya 200 pa 15, ndipo ya 300 inakweranso kufika pa 28. Kukweranso kumeneku si chachilendo. Ufa ukachulukitsa, wotsalawo umayandama wokha m'madzi, komanso tinthu ta dothi timasiya kugwirana bwino. Mzere wotsika kwambiri, n'kufika pansi, kenako n'kuyamba kukwera pang'ono, umafotokoza nkhani yonseyi mofulumira kuposa tebulo lililonse. N'chifukwa chake tebulo la manambala omwewo sitinaliikenso. Kuika galafu ndi tebulo zonena chinthu chimodzi ndi kuwononga malo.

Galafu ya m'lipoti sitinangoikopera, tinaipanganso, ndipo pali zifukwa zitatu zomwe ndikufuna muzidziwe. Choyamba ndi mtundu wa galafu. Mu Excel muli `Line` ndi `Scatter`, ndipo zimaoneka ngati zofanana. Koma `Line` imatenga milingo ya m'munsi ngati mayina chabe, n'kuitalikitsa mofanana. Milingo yathu inkakwera ndi 50 mpaka kufika pa 200, kenako inadumpha ndi 100 kufika pa 300. Pa `Line` mpata wa pakati pa 200 ndi 300 umafanana ndi wa pakati pa 150 ndi 200, ndiye mzere umaoneka ngati wakwera mwamsanga kuposa momwe unakwerera. `Scatter` imaika nambala iliyonse pamalo ake enieni. Ngati chomwe chili m'munsi mwa galafu yanu ndi mlingo, nthawi kapena kutentha, tengani `Scatter`.

Chachiwiri ndi timizere toonetsa kusiyana kwa zotsatira, tomwe timaima pa dontho lililonse. Pa 150 mg/L tinapeza 10, 12 ndi 14. Pa 200 mg/L tinapeza 12, 15 ndi 18. Avereji ndi kamwazikidwe ka manambala tinaziwerengera chonchi, mzere uliwonse paokha:

```
=AVERAGE(B5:D5)
=STDEV.S(B5:D5)
```

Pa 150 mg/L zinatipatsa 12 ndi 2, pa 200 mg/L zinatipatsa 15 ndi 3. Apa pali msampha womwe ndinaupeza pa maposita a magulu ena pa tsikulo. Mukapita pa `Error Bars` n'kungodina `Standard Deviation`, Excel sidziwa kuti munayesa katatu. Imatenga madontho onse a pa galafu n'kuwerengera nambala imodzi, ndipo timizere tonse timatuluka totalika mofanana, titandandalika pamalo amodzi osatsata madontho. Mukaona timizere tofanana chonchi pa galafu yanu, dziwani kuti pali cholakwika. Njira yake ndi kusankha `Custom`, kenako `Specify Value`, n'kulozera ku manambala omwe mwawerengera nokha. Pansi pa galafu tinalemba mzere umodzi wonena kuti dontho lililonse ndi avereji ya kuyesa katatu, ndiponso chomwe timizereto tikuimira. Mzere umenewu ndi waufupi koma usachotsedwe, chifukwa popanda iwo wowerenga sadziwa ngati dontholo linachokera pa bika imodzi kapena khumi.

Timizere timeneti ndi tomwe tinakonza chiganizo chathu chija. Mnzathu wina m'gulu ankafuna tilembe kuti 150 mg/L ndiye mlingo wabwino koposa, pakuti 12 ndi wochepa kuposa 15. "Aise, posita imafuna yankho limodzi," ankatero. Ndinamumvetsa, koma manambala sankatilola. Zotsatira za 150 zinali pakati pa 10 ndi 14, za 200 pakati pa 12 ndi 18. Zikulowana, ndipo ndi kuyesa katatu kokha sitingalumbire kuti wina ukuposa unzake. Lipoti linali ndi ndime yonse yofotokoza zimenezi. Pa posita ndime yonseyo inasanduka mawu oti "150 mpaka 200". Uku ndiye kufupikitsa komwe ndikunena: mawu achepe, koma kusamala komwe kunali m'ndimemo kutsale.

Chachitatu ndi kaonekedwe. Galafu ya m'lipoti inali ndi tizilembo toyenera pepala la A4, ndi kabokosi kofotokoza mitundu pambali. Tinakuza zilembo, tinachotsa mizere yambiri ya kumbuyo, n'kulemba nambala pamwamba pa dontho lililonse, chifukwa 150 NTU wa bika yopanda ufa atatenga malo aakulu, 12 ndi 15 ankaoneka ngati ali pamzere umodzi. Tinajambulanso mzere wodukizadukiza pa 5 NTU. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti madzi akumwa asamapitirire 5 NTU, ndipo kuti mankhwala ophera tizilombo agwire bwino ntchito ndi bwino akhale pansi pa 1 NTU. Mzere umenewo unapangitsa aliyense kuona yekha kuti madontho athu onse ali pamwamba pake, ngakhale labwino kwambiri.

Panali nkhani inanso ya peresenti, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pomwe posita imanama mosavuta. Aliyense amafuna nambala imodzi yaikulu yoti ioneke patali. Tikawerengera kuchokera pa madzi momwe tinawatungira, 240 kufika pa 12 ndi kutsika kwa 95 peresenti. Koma bika yomwe sitinathiremo kanthu inatsika yokha kuchoka pa 240 kufika pa 150, komwe ndi 37.5 peresenti, chifukwa dothi lolemera limamira lokha madzi akangokhala phee. Ndiye 95 uja si ntchito ya chammwamba chokha. Kuti tione chomwe ufa unaonjezera tiyenera kuyerekeza 12 ndi 150, ndipo pamenepo pamatuluka 92 peresenti. Kusiyana kwa 95 ndi 92 ndi kochepa pa madzi athuwa, koma pa madzi a mchenga wambiri omwe amadikha okha msanga kungakhale kwakukulu. Tinasankha kulemba 92, ndi mawu pansi pake oti poyerekeza ndi madzi ongosiyidwa ola limodzi. Bika yoyerekezera ija tinaisiyanso pa galafu, pa mlingo wa 0. Ndi chinthu chimene ambiri amachichotsa pofuna malo, poganiza kuti bika yopanda kanthu ilibe nkhani, chonsecho ndi yomwe imapatsa tanthauzo manambala ena onse.

Mawu oyamba a lipoti anali masamba awiri ndi theka, ofotokoza za mavuto a madzi, mbiri ya chammwamba ndi zomwe ena analemba. Pa posita panatsala ziganizo zitatu: kuti madzi a mumtsinje amavunduka dzinja, kuti matope amalepheretsa kulorini kugwira bwino ntchito, ndi funso lathu lakuti ufa wochuluka bwanji ukufunika pa lita imodzi. Apa sipanavute. Anthu a ku Salima safunika kuuzidwa momwe Linthipe amaonekera mvula ikagwa kumtunda.

Njira yomwe tinatsata ndi yomwe inafuna kuganiza. M'lipoti tinalemba chilichonse, mpaka momwe tinatsukira mabika. Podula tinadzifunsa kuti: ndi ziti zomwe zikanasintha zotsatira tikanazichita mosiyana? Zimenezo ndizo zinatsala pa posita. Tinasiyapo komwe madzi anachokera ndi nyengo yake, pakuti madzi a chilimwe ndi ena. Tinasiya kuti njere zinali zokhwima, zosendedwa, zosinjidwa ndi kusefedwa. Tinasiya kasungunulidwe kake, magalamu 10 a ufa mu lita imodzi ya madzi oyera, kutanthauza kuti mililita imodzi ili ndi mamiligalamu 10, ndipo pa mlingo wa 150 mg/L tinkathira mamililita 15. Tinasiyanso nthawi: kutakasa mwamphamvu mphindi 2, pang'onopang'ono mphindi 15, kudikira ola limodzi. Zonsezi tinaziika m'mabokosi anayi olumikizidwa ndi mivi, lililonse la mawu ochepa. Mndandanda wa zipangizo, kawerengedwe ka sitepe ndi sitepe, ndi matebulo a manambala osaphika zinatsala m'lipoti.

Pambali pa mabokosiwo tinaika chithunzi chimodzi cha mabika onse atandandalikidwa pambuyo pa ola lija, kuyambira wofiira mpaka woyera, uliwonse uli ndi kapepala konena mlingo wake. Ndinganene kuti chithunzichi chinaimitsa anthu ambiri kuposa mutu. Ngati muli mu labu panopa ndipo mukudziwa kuti kutsogolo kuli posita, jambulani zinthu zanu zisanatayidwe, kumbuyo mutaika pepala loyera. Abambo oyang'anira labu yathu ndi amene anatikumbutsa zimenezi tsiku loyesa, lipoti tisanayambe n'kulemba komwe.

Ndibwerere ku mawu aja oti kudikhitsa ndi kuyeretsa. Ife tinayeza matope. Tizilombo toyambitsa matenda sitinayeze. Madzi akhoza kuoneka oyera mbee koma ali ndi tizilombo ta kolera kapena ta matenda ena otsegula m'mimba, ndipo kwa ife okhala m'mbali mwa nyanja nkhani imeneyi si yosewera nayo. M'lipoti chenjezo limeneli linali chakumapeto, m'ndime yofotokoza malire a kafukufuku, ndipo ndime zotere ndi zomwe zimayamba kudulidwa malo akachepa. Ndinalimbikira kuti likhale ndi bokosi lakelake pafupi ndi galafu, ndi zilembo zofanana kukula ndi zina zonse. Munali mfundo zitatu zazifupi: sitinayeze tizilombo, choncho madziwa ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa kulorini asanamwedwe, tinayesa madzi a malo amodzi, otungidwa nthawi imodzi, ndipo 12 NTU akadali pamwamba pa 5. Lipoti limawerengedwa ndi mphunzitsi wodziwa kale malire amenewa. Posita imaonedwa ndi aliyense, ena amaijambula pa foni n'kukaonetsa kunyumba. Mawu amodzi olakwika pamutu akhoza kuchititsa munthu kumwetsa ana madzi osatetezeka.

Titamaliza kusankha, mawu onse a pa posita anali pafupifupi 350. Zolembazo tinazikonzera mu Word kaye, n'kuziwerenga mokweza, tisanaganize za mitundu ndi mabokosi. Zikatero ndi pomwe tinatsegula PowerPoint.

Chinthu choyamba mu PowerPoint ndi kukula kwa tsamba, musanaikepo chilichonse. Pitani pa `Design`, kenako `Slide Size`, kenako `Custom Slide Size`. Pepala la A1 ndi masentimita 59.4 ndi 84.1, pomwe la A0 ndi 84.1 ndi 118.9. Funsani ku dipatimenti ngati posita ikhale yoimirira kapena yogona, ndipo ngati n'kotheka kayezeni bolodi lenilenilo ndi tepi. Mukapanga pa tsamba wamba n'kudzasintha kukula pomaliza, mabokosi amasokonekera ndipo zithunzi zimatha kutambasuka. Yathu inali yoimirira. Pamwamba tinaika mutu, mayina athu ndi dipatimenti. Pakati penipeni, pomwe maso a munthu woimirira amafikira, tinaika galafu, itatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a tsamba. Funso ndi njira zinakhala pamwamba pa galafu, tanthauzo la zotsatira ndi malire zinakhala pansi pake. Mabuku omwe tinatchula anali awiri okha, pansi penipeni ndi zilembo zocheperako.

Za kukula kwa zilembo, mutu tinauika pa 72, timitu pa 40, mawu wamba pa 28, ndipo palibe chofunika kuwerengedwa chomwe chinatsika pansi pa 24, kuphatikizapo manambala a m'mbali mwa galafu. Pa sikirini zilembo zotere zimaoneka zazikulu mopitirira, ndiye dzanja limayabwa kuti muzichepetse muonjezere mawu. Njira yodziyesera ndi yosavuta ndiponso yotchipa. Pulintani positayo pa pepala la A4 mutasankha kuti ikwane patsamba limodzi. Kuchoka pa A1 kufika pa A4 zinthu zimachepa kufika pafupifupi 35 peresenti, ndiye zilembo za 28 zimakhala ngati za 10, ndipo za 24 ngati za 8 ndi theka. Gwirani pepalalo mutatambasula mkono. Chomwe simungathe kuwerenga pamenepo, mlendo woima patali pang'ono ndi bolodi sadzachiwerenganso. Kapepala komweka tinakapereka kwa mnzathu wa dipatimenti ina, amene sankadziwa kanthu za ntchito yathu, kuti akaone mphindi imodzi n'kutiuza zomwe wamva. Anafotokoza bwino, koma anafunsa kuti NTU n'chiyani. Tinaonjezera mawu ochepa pansi pa mutu onena kuti ndi muyeso wa matope a m'madzi, ndipo nambala yochepa ikutanthauza madzi odikha.

Zithunzi zili ndi vuto lake. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, ndipo pa foni chimaoneka bwino koma pa pepala lalikulu chimabalalika. Tumizani ngati `Document`, kapena chotsani pa foni ndi chingwe. Kuti chituluke bwino pamafunika madontho osachepera 150 pa inchi iliyonse ya kukula komwe chidzapulintidwe. Chathu chinali cha masentimita 25 m'lifupi, omwe ndi pafupifupi mainchi 10, choncho chinkafunika mapikiselo pafupifupi 1,500 m'lifupi. Mukaika `Zoom` pa 100% mu PowerPoint mumaona pafupifupi momwe chidzaonekere pa pepala. Kumbuyo kwa tsamba tinasiya koyera, zilembo zakuda, ndi mtundu umodzi wokha wa buluu pa timitu ndi pa galafu. Kumbuyo kwakuda kumadya inki, ndipo pulinta ikakhala yotopa kumatuluka mizeremizere.

Pokapulinta tengani PDF, osati fayilo ya PowerPoint, chifukwa kompyuta ya kumeneko ikakhala ilibe mtundu wa zilembo womwe munagwiritsa ntchito, imaika wina ndipo mizere imasefukira kunja kwa mabokosi. Magulu ena anatumiza mafayilo awo ku Lilongwe kuti akapulintidwe pa pepala limodzi lalikulu. Ife ndalama zinali zochepa, ndiye tinatsata njira ina. A1 ndi wofanana ndi mapepala 8 a A4, kapena 4 a A3. Mu Adobe Acrobat Reader, pa `Print`, pali batani lolembedwa `Poster` lomwe limagawa tsamba lalikulu m'mapepala ang'onoang'ono. `Tile Scale` ikhale pa 100%, muikeko `Overlap` pang'ono ndi `Cut marks` kuti muone podula. Yembekezerani kuti mapepala atuluka oposa 8, chifukwa pulinta siifika m'mphepete mwa pepala ndipo mapepalawo amayenera kusanjikizana pang'ono. Tinadula ndi lula ndi lezala, n'kumata pa pepala lolimba la manila. Mukatsata njira imeneyi, yang'anani pachithunzi choonetsa momwe agawire musanapulinte, ndipo ngati mzere wolumikizira ukudutsa pakati pa nambala yofunika kapena pa madontho a galafu, sunthani bokosilo pang'ono. Musasiye ntchitoyi mpaka usiku womaliza, pakuti magetsi akhoza kuthima, komanso guluu amafuna nthawi kuti aume pepala lisanakwinyike.

Positayo isanamatidwe, mmodzi wa ife anagwira lipoti, wina kapepala ka A4 kaja, n'kuwerengerana nambala iliyonse. Pokopera ndi pomwe 21 amasanduka 12, kapena mg/L amasanduka g/L. Aphunzitsi omwe anachonga lipoti amakumbukira manambala ake, ndipo akapeza kuti posita ikunena zina amayamba kukayikira zonse.

Pa tsikulo ndinaona kuti anthu anali a mitundu iwiri. Ambiri ankaima kamphindi, kuona chithunzi, kuwerenga mutu, kufunsa funso limodzi. Amenewa tinawakonzera mawu osapitirira mphindi imodzi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, otsata chala pa galafu: apa ndi madzi ongosiyidwa, apa ufa wayamba kugwira, apa wafika pabwino, apa wachuluka. Kuwerengera munthu zomwe zalembedwa pa posita n'kumutayitsa nthawi, maso ali nawo. Ena ochepa, makamaka aphunzitsi, ankafunsa zakuya. Wina anafunsa chifukwa chomwe sitinayesere milingo ya pakati pa 200 ndi 300, wina anafunsa ngati tinayeza pH. Tinali titayeza, ndipo sinasinthe kwenikweni, koma pa posita sitinaiike chifukwa sinali mbali ya chiganizo chathu chija. Lipoti linali patebulo pafupi ndi bolodi, masamba ofunika titawaika timapepala, ndiye ndinangotsegula n'kuwaonetsa. Kudziwa kuti lipoti lidzakhala pomwepo kumathandiza kudula mopanda mantha.

Amayi ena achikulire, omwe anabwera ndi mwana wawo wophunzira nafe, anayang'anitsitsa chithunzi cha mabika n'kundifunsa kuti, "Mwanangu, mtengo umenewu kwathu ulipo pakhomo. Ndiye ndikathira mu ndowa, madziwo tizimwa?" Ndinawalozera bokosi la malire lija n'kuwafotokozera kuti, "Ayi amayi, ufawu ukungomiza matope. Akadikha mutsanulire a pamwamba m'chiwiya china, muwawiritse kapena muthire kulorini, ndipo musawasunge masiku, chifukwa zotsalira za njere zimaola m'madzimo." Anafunsanso kuti pa ndowa ya malita 20 pangafunike ufa wochuluka bwanji. Tinawerengera limodzi: mamiligalamu 150 kuchulukitsa ndi 20 ndi magalamu 3, ndipo pa 200 ndi magalamu 4. Ndinawauzanso kuti mlingo umenewu ndi wa madzi ofiira ngati omwe tinayesa ife, ndipo madzi osavunduka kwambiri amafuna wina, womwe sitinauyese.